Akuti abweza, koma ndalama sizikuoneka: zimakakamira pati?

Mukagula chinthu pa intaneti ndi khadi la Visa kapena Mastercard, uthenga wa ku banki umalowa m'foni musanachotse n'komwe chala pa sikirini. Ndalama zachoka. Koma katundu akapanda kufika, kapena akafika wolakwika, wogulitsa n'kuvomera kuti abweza, zinthu zimasinthiratu. Tsamba lake limalemba `Refunded`, inu mumayang'ana mu akaunti m'mawa, masana ndi madzulo, osaonamo kanthu. Mukafunsa wogulitsa, amati funsani banki yanu. Mukapita ku banki, akuti palibe chomwe chalowa, funsani wogulitsa. Anthu ambiri amagwa ulesi pamenepa n'kuzisiya, ndipo zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa ndalama za pa khadi sizisowa chisawawa. Nthawi iliyonse zimakhala zili m'manja mwa winawake, ndipo pali njira yodziwira kuti ndi ndani.

Kuti zimveke, tiyambe ndi zomwe zinachitika tsiku logula, pakuti ngakhale tsiku limenelo ndalama sizinayende msanga monga zinaonekera.

Pa kugula kulikonse kwa pa khadi pamakhala mbali zinayi: wogulitsa, banki ya wogulitsa, banki yanu, ndiponso Visa kapena Mastercard amene amalumikiza mabanki awiriwa. Kawirikawiri pakati pa wogulitsa ndi banki yake pamakhalanso kampani yomulandirira ndalama, monga Stripe, Adyen kapena PayPal. Mukadina polipira, chomwe chimathamanga m'masekondi ochepa aja ndi funso chabe: kodi khadi ili ndi lenileni, ndipo ndalama zilimo? Banki yanu ikavomera, imagwira ndalamazo kuti musazigwiritsenso ntchito, n'kukutumizirani uthenga. Zili ngati mwauza mwini golosale kuti akuikireni thumba la feteleza pambali: wina sangaligule, koma lidakali m'golosale momwemo. Ndalama zenizeni zimachoka pambuyo pake, wogulitsa akatsimikiza kuti akuzitenga, ndipo mabanki akawerengerana ndi kulipirana. Izi zimatenga tsiku limodzi, awiri kapena atatu.

Apa ndi pomwe pamachokera chisokonezo choyamba, chimene chimavutitsa anthu popanda chifukwa. Mukaletsa oda msanga, wogulitsa asanatenge ndalama, palibe choti abweze. Amangouza banki yanu kuti imasule zomwe inagwira. Pa sitetimenti simudzaona mzere wa ndalama zolowa. Mzere wa kugula uja, umene unali ndi mawu akuti `Pending`, umangofufutika, ndipo ndalama zomwe mungagwiritse ntchito zimakwera mwakachetechete, nthawi zambiri popanda uthenga uliwonse. Munthu amatha mwezi wathunthu akudikira ndalama zomwe zinabwerera kalekale, mwina anazidya kale osadziwa. Choncho chinthu choyamba kuchita ndi kutenga sitetimenti yonse kuyambira tsiku logula n'kufufuza ngati mzere wa kugula udakalipo. Ngati palibe, nkhani yatha. Ngati wogulitsa sanatumize uthenga womasula, banki imamasula yokha nthawi ikakwana, kawirikawiri pakatha pafupifupi sabata imodzi pa kugula wamba, koma pa mahotela ndi magalimoto obwereka zimatha kufika masiku 30.

Ngati ndalama zinatengedwadi, kubweza kumakhala kulipira kwatsopano kopita chakumbuyo, ndipo kumadutsa m'manja onse aja mmodzimmodzi. Wogulitsa amalamula kampani yomulandirira ndalama. Kampaniyo imaika lamulolo m'gulu la malipiro a tsikulo, amene amatumizidwa pamodzi ku banki ya wogulitsa. Bankiyo imapereka ku Visa kapena Mastercard, iwo n'kupereka ku banki yanu, ndipo banki yanu imayenera kuzindikira kuti ndalamazi ndi za akaunti iti, kuzisintha kukhala makwacha ngati zabwera m'madola, kenako kuzilemba. Sitepe iliyonse imayenda pa masiku a ntchito. M'zaka zaposachedwapa Visa ndi Mastercard anayamba kufuna kuti ogulitsa azitumiziratu uthenga wachangu wonena kuti ndalama zikubwera, koma si banki iliyonse imene imauonetsa kwa mwini akaunti.

Nanga zimatenga masiku angati? Makampani akuluakulu amalemba okha nthawi zawo. Stripe imati masiku a ntchito 5 mpaka 10. Amazon imati khadi la ngongole limalandira m'masiku a ntchito 3 mpaka 5, khadi lolumikizidwa ku akaunti yanu ya ku banki mpaka masiku a ntchito 10, ndipo makhadi oikiratu ndalama amatha kudikira mpaka masiku 30. PayPal imachenjeza kuti zobwerera ku khadi zingatenge mpaka masiku 30. Makhadi omwe ambiri tili nawo m'matumba kuno ndi a mtundu wachiwiriwo, olumikizidwa ku akaunti, choncho masabata awiri si chinthu chodabwitsa. Chofunika kuchigwiritsa ndi chakuti masiku onsewa amayamba kuwerengedwa pamene wogulitsa walamuladi kuti ndalama zibwerere. Tsiku limene anakulonjezani silili m'gulumo.

Kumene zimakakamira zisananyamuke n'komwe

Mwa malo onse omwe ndalama zimachedwa, ambiri ali kwa wogulitsa, ndipo mawu a pa sikirini ndi omwe amasocheretsa. `Refund requested` akutanthauza kuti mwapempha. `Refund approved` akutanthauza kuti wina wavomera, koma ndalama sizinayambe kuyenda. `Refund issued` kapena `Refunded` ndiye mawu oyandikira kwenikweni, ngakhale kuti m'masitolo ang'onoang'ono wogulitsa amatha kusintha mawuwa ndi dzanja pa oda popanda kulamula chilichonse ku kampani yomulandirira ndalama. Si nthawi zonse pamene amachita zimenezi mwachinyengo. Ena amaganiza kuti kusintha mawu pa oda ndiye kubweza kumene. Ndipo lonjezo la pa macheza, lakuti "musadandaule, tibweza sabata ino", silili pa sitepe iliyonse mwa zimenezi.

Ngati munabweza katundu, nthawi siyamba pamene mwamusiya ku positi ofesi. Ogulitsa ambiri amadikira kuti afike kunkhokwe yawo, atsegulidwe, aonedwe ngati ndi yemweyo. Amazon imanena kuti kulandira ndi kuona katundu wobwezedwa kungatenge mpaka masiku 30. Phukusi lochokera ku Blantyre kupita ku Shenzhen kapena ku Johannesburg lopanda nambala yolilondolera ndi vuto lalikulu, chifukwa wogulitsa akangoti silinafike, mulibe chomutsutsira. Risiti ya ku positi ndi nambala imeneyi muzizisunga ngati ndalama zenizeni.

Palinso chinthu china chimene ogula ambiri sachidziwa. Wogulitsa amabweza kuchokera ku ndalama zomwe zili mu akaunti yake ku kampani yomulandirira. Ngati anatapa zonse dzulo ndipo lero sanagulitse kanthu, lamulo lobweza limangokhala pamzere mpaka mutalowa zina. Iye amakuuzani moona mtima kuti anadina, tsamba limaonetsa kuti zili m'njira, koma palibe tambala yomwe yanyamuka. Kwa wogulitsa wamalonda oyenda bwino izi zimatha tsiku limodzi. Kwa yemwe bizinesi yake ikugwa, zimakhala zosatha, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe simuyenera kudikira mpaka kalekale.

Nthawi zina ndalama zinabwezedwa ndithu, koma osati kumene mukuyang'ana. Misika ikuluikulu ya pa intaneti ili ndi kachikwama kake mkati mwa akaunti yanu, ndipo imakonda kubwezera m'menemo chifukwa zimafika msanga komanso mudzagulanso kwa iwo omwewo. Ku Amazon zobwerera ku `Gift Card Balance` zimaoneka m'maola awiri kapena atatu. Pa fomu yopempha kubwezeredwa, bokosi la kachikwamaka limatha kukhala losankhidwiratu, munthu n'kudina osawerenga. Yang'anani pamene palembedwa `Refund method` kapena `Refund to`. Ngati munalipira theka ndi khadi, theka ndi makuponi, chilichonse chimabwerera kumene chinachokera, ndipo za pa khadi zidzaoneka zochepa. Oda ya zinthu zinayi imathanso kubwerera m'zidutswa zinayi pa masiku osiyana, pansi pa dzina la kampani lomwe silifanana ndi dzina la sitolo.

Kwathu kuno pali njira ina yogulira yofala kwambiri: kupereka makwacha kwa mnzanu kapena kwa munthu woodetsa katundu, iye n'kulipira ndi khadi lake. Ndalama zobwezedwa zimapita ku khadi lomwe linalipira, osati kwa yemwe katundu anali wake. Msika sungakuuzeni kanthu, banki yanu ilibe chomwe ikudziwa, ndipo yekhayo amene angadandaule ndi mwini khadi. Ngati munagula motere, funso lanu lonse lili kwa iyeyo, ndipo muli ndi ufulu womupempha kuti akuonetseni tsamba la oda ndi sitetimenti ya masiku amenewo.

Nkhani imodzi, tsiku ndi tsiku

Tiyerekeze mayi wina wosoka zovala ku Zomba. Lolemba pa 2 Seputembala 2024 anagula zipangizo za makina osokera pa madola 60 kwa wogulitsa wa kunja, ndi khadi la Visa la akaunti yake ya makwacha. Tiike mtengo wa dola tsikulo pa K1,750 kuti masamu aphweke, ndipo tinene kuti banki yake imadula 3 pa 100 iliyonse pa kugula kwa kunja. Mu akaunti munachoka K105,000 ndi K3,150 yapamwamba, zonse K108,150. Katundu sanafike. Pa 30 Seputembala wogulitsa anavomera kubweza, ndipo Lachisanu pa 4 Okutobala tsamba linalemba `Refunded`, ndi mawu akuti adikire masiku a ntchito 10.

Mayiyu akawerenga kuyambira pa 30 Seputembala, adzayamba kuda nkhawa pa 10 Okutobala, nthawi isanakwane. Kuwerenga koyenera kumayamba Lolemba pa 7 Okutobala. Sabata imeneyo ili ndi masiku asanu. Sabata yotsatira ili ndi anayi okha, chifukwa Lachiwiri pa 15 ndi tchuthi cha Tsiku la Anakubala ndipo mabanki amakhala otseka. Tsiku lachikhumi likugwera Lolemba pa 21 Okutobala, patatha masiku 17 kuchokera pamene tsamba linasintha, komanso masabata atatu kuchokera pa lonjezo. Tchuthi cha kwa wogulitsa nachonso chimawerengedwa: ku China sabata yoyamba ya Okutobala ndi ya tchuthi, ndipo nyengo ya chaka chawo chatsopano, chakumapeto kwa Januwale kapena mu Febuluwale, maofesi ambiri amatseka.

Pa 22 Okutobala mulibe kanthu. Apa kudikira kwatha, ndipo chomwe mayiyu ayenera kupempha kwa wogulitsa ndi chinthu chimodzi chokha: nambala yotchedwa `ARN`, imene pa zikalata imalembedwa kuti `Acquirer Reference Number`. Ndi nambala ya madijiti 23 yomwe banki ya wogulitsa imapereka ku malipiro aliwonse pamene ikuwatumiza ku Visa kapena Mastercard. Ndalama zomwe sizinachoke kwa wogulitsa sizikhala nayo. Siyituluka nthawi yomweyo (Stripe imati ingatenge mpaka masiku a ntchito 7), koma pakatha masabata awiri iyenera kukhalapo. Wogulitsa akapereka nambala ya oda, kapena nambala ina ya mkati mwa kampani yake, zimenezo banki yanu singafufuze nazo. Akakhala kuti alibe `ARN` koma akuti ndalama anangozimasula, apereke `RRN` ya zilembo 12 kapena `STAN` ya madijiti 6, zomwe banki imatha kulondola nazo uthenga womasula uja.

Nambala imeneyi mutha kuiwerenga nokha pang'ono. Dijiti yoyamba ndi ya mtundu wake, zisanu ndi chimodzi zotsatira zimaimira banki ya wogulitsa, ndipo zinayi zotsatira, kuyambira yachisanu ndi chitatu, ndi deti: dijiti yomaliza ya chaka, kenako nambala ya tsiku m'chakacho. Pa nambala yomwe mayiyu analandira, pamalo amenewa panali `4281`, kutanthauza tsiku la 281 la 2024, lomwe ndi 7 Okutobala. Ndiye kuti ndalama zinanyamukadi Lolemba lotsatira. Akanapeza `4246` kapena `4247`, masiku a 2 ndi 3 Seputembala, akanadziwa kuti wapatsidwa nambala ya kugula kuja, osati ya kubweza. Kubweza kumakhala ndi nambala yakeyake, ndipo kusokoneza ziwirizi kumachititsa kuti banki ifufuze pachabe n'kukuuzani kuti ikungoona ndalama zotuluka.

Ndi nambala yolondola m'manja, nkhani imasamukira ku banki yake. Wogwira ntchito pa kauntala amaona zomwe zalembedwa kale mu akaunti, choncho akati "Mayi, palibe chalowa" akunena zoona malinga ndi zomwe akuona. Zomwe zikufunika zili ku dipatimenti ya makhadi. Mayiyu anene kuti: "Bambo, ndili ndi nambala ya ARN ya ndalama zobwezedwa, madola 60, za pa 7 Okutobala. Chonde mundilembere dandaulo lopita kwa a makhadi, ndipo mundipatse nambala ya dandaulolo." Asachoke popanda nambala ya dandaulo, chifukwa ndi yomwe adzafunsire mawa ndi mkuja.

M'chitsanzo chathu, khadi la mayiyu linatha ntchito kumapeto kwa Seputembala ndipo anapatsidwa latsopano la nambala ina. Wogulitsa anabwezera ku nambala yakale, ndipo sanalakwe, pakuti malamulo a makhadi amafuna kuti ndalama zibwerere kumene zinachokera. Mabanki ambiri amalumikiza okha khadi lakale ndi akaunti, koma makina akalephera kutero, ndalama zimaikidwa mu akaunti yosungiramo zosadziwika mwini, n'kumadikira kuti munthu azione ndi maso. Zingakhale m'menemo masabata. Zofanana ndi zimenezi zimachitika ngati khadi munalitseketsa litatayika, ngati linali la pa foni logwiritsa ntchito kamodzi, kapena ngati akaunti inagonekedwa chifukwa chosagwiritsidwa ntchito kapena chosakonzanso zikalata zanu. Akaunti ikakhala kuti inatsekedweratu, banki imatha kukana ndalamazo, zimabwerera kwa wogulitsa, ndipo Stripe imati ulendo wobwererawu ungatenge mpaka masiku 30. Zikatero wogulitsa amaona `Failed`, ndipo mumayenera kugwirizana naye njira ina yolandirira.

Ndalama za mayiyu zinalembedwa mu akaunti, koma zinali K103,200, osati K108,150. Palibe amene waba. Wogulitsa anabweza madola 60 onse. Banki pogula madola imapereka mtengo wotsikirapo kusiyana ndi pogulitsa, ndipo tikaika mtengowo pa K1,720, madola 60 akukwana K103,200. K3,150 ya pamwamba ija mabanki ena amabweza, ena ayi, malinga ndi mgwirizano wa khadi. Kusiyana konse ndi K4,950. N'chifukwa chake pofufuza pa sitetimenti simuyenera kusaka nambala yeniyeni yomwe munalipira, koma mzere uliwonse wolowa woyandikira nambalayo. Kusinthaku kumathanso kukomera wogula. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 pa 100 iliyonse, dola kuchoka pa pafupifupi K1,180 kufika pa pafupifupi K1,700. Amene analipira madola 60 izi zisanachitike anatulutsa pafupifupi K70,800, ndipo ngati banki yake inasintha zobwezedwazo pa mtengo watsopano, analandira zoposa K100,000.

Wogulitsa akapanda kupereka nambala

Tsopano tiitembenuze nkhaniyi. Tinene kuti mayiyu wapempha `ARN` kawiri, katatu, ndipo yankho ndi lomwelo: dikirani masiku ena asanu. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha kwa pa nkhani iyi kuli ndi deti lothera, ndipo ogulitsa achinyengo amalidziwa bwino kuposa ogula. Lonjezo lililonse latsopano limadya masiku omwe mukanadandaulira kwina.

Chitseko choyamba ndi cha msika womwe munagulirako. Ku eBay muli ndi masiku 30 kuchokera pa tsiku lomwe katundu amayembekezeka kufika. Ku Amazon, pa katundu wa ogulitsa ena, muli ndi masiku 90 kuchokera pa tsiku lomaliza loyembekezeka. Ku PayPal dandaulo la katundu wosafika limatsegulidwa mkati mwa masiku 180 kuchokera pa tsiku lolipira, ndipo mukalitsegula muli ndi masiku 20 oti mulikweze kuti PayPal iweruze, apo ayi limatsekeka lokha. Pali msampha umodzi womwe ndikufuna muudziwe bwino: wogulitsa amati "tsekani dandaulo lanu kaye kuti makina andilole kubweza". Makina samuletsa kubweza dandaulo lili lotsegula. Mukalitseka, m'malo ambiri simungalitsegulenso pa oda yomweyo. Dandaulo lizitsekedwa ndalama zikaoneka mu akaunti, osati kale.

Chitseko chachiwiri ndi cha banki yanu, chomwe ogwira ntchito m'mabanki amachitcha tchajibaki. Apa banki yanu imatenga ndalama mokakamiza kuchokera ku banki ya wogulitsa potsatira malamulo a Visa kapena Mastercard. Ambiri amaganiza kuti njira imeneyi ndi ya anthu oberedwa khadi okha, koma ayi. Visa ili ndi chifukwa chapadera cha nkhani yathuyi, `13.6 Credit Not Processed`, cha ndalama zolonjezedwa koma zosabwezedwa, komanso `13.1` cha katundu wosafika. Ku Mastercard zonsezi zimalowa pansi pa `4853`. Kawirikawiri banki imayenera kudikira masiku 15 kuchokera pa deti la chikalata cholonjeza kubweza, ndipo malire ndi masiku 120. Tsiku loyambira kuwerenga masiku 120 limasiyana malinga ndi mtundu wa dandaulo, choncho njira yosaphonya ndi kuwerenga kuyambira tsiku logula. Kwa mayi wa ku Zomba, masiku 120 kuchokera pa 2 Seputembala akuthera pa 31 Disembala. Zikuoneka ngati nthawi yambiri, koma pofika pa 22 Okutobala masiku 50 apita kale, ndipo banki nayo imafuna masiku ake okonzera dandaulo. Ine ndinganene kuti pakatha masiku 30 kuchokera pa lonjezo popanda ndalama komanso popanda `ARN`, pitani mukadzaze fomu.

Dandaulo limeneli limapambana kapena kugwa ndi mapepala. Pakufunika chitsimikizo cha oda, sitetimenti yoonetsa kugula, imelo kapena chithunzi cha sikirini pamene wogulitsa akuvomera kubweza ndi deti lake likuoneka, umboni woti munayesa kukambirana naye, ndi risiti ya ku positi ngati munabweza katundu. Jambulani masamba amenewa lero, chifukwa sitolo ikatsekedwa amasowa limodzi nayo. Nenani zoona pa chifukwa: musalembe kuti simukudziwa za kugulaku pamene munagula nokha, popeza wogulitsa adzaonetsa kuti munavomereza ndi nambala yachinsinsi yotumizidwa ku foni yanu ndipo mlandu udzagwa. Banki ya wogulitsa imapatsidwa masiku 30 ku Visa, kapena 45 ku Mastercard, kuti iyankhe, motero yembekezerani mwezi umodzi kapena iwiri, nthawi zina kuposerapo. Zikachitika kuti wogulitsa wabweza pamene tchajibaki yadutsanso, dziwitsani banki, pakuti ndalama zachiwirizo zidzatengedwa ndithu, mwina pa tsiku lomwe mulibe kanthu mu akaunti.

Malamulo a dziko la wogulitsa amathandizanso kudziwa ngati iye wachedwadi. Kwa abale athu okhala ku Britain, lamulo la mu 2013 la malonda a patali limapatsa wogula masiku 14 osintha maganizo, ndipo wogulitsa ayenera kubweza mkati mwa masiku 14 atalandira katundu kapena umboni woti watumizidwa. Amene analipira ndi khadi la ngongole chinthu cha pakati pa £100 ndi £30,000 angathenso kufuna ndalamazo kwa kampani ya khadi pansi pa gawo 75 la lamulo la ngongole la mu 1974. Ku South Africa, gawo 44 la lamulo la malonda a pa intaneti la mu 2002 limapereka masiku 7 osintha maganizo pa katundu wambiri, ndipo ndalama ziyenera kubwezedwa mkati mwa masiku 30. Malamulowa amamanga wogulitsa pa tsiku lomwe ayenera kutumiza ndalama. Masiku a mabanki amabwera pamwamba pake. Kuno kwathu, banki ikakhala chete pa dandaulo lanu mutha kulitengera ku Banki Yaikulu ya Malawi, imene imayang'anira mabanki ndi kulandira madandaulo a makasitomala awo.

Zonse zomwe tanenazi ndi za makhadi. Malonda ambiri a pa intaneti kuno amachitikira pa WhatsApp ndi Facebook, ndipo malipiro amakhala a Airtel Money, TNM Mpamba kapena kutumiza ku akaunti ya munthu. Pamenepa palibe mabanki akunja, palibe Visa, palibe gulu la malipiro lodikira mawa. Kubweza kumangotanthauza kuti wogulitsa atumize ndalama ku nambala yanu monga momwe inu munatumizira ku yake, ndipo zimafika m'mphindi zochepa. Akati "ndabweza, zikudikira masiku 14", pemphani nambala ya malipiro yomwe ili mu uthenga wake wotsimikizira, muyimbire kampani ya foni kuti iione, ndipo muyang'ane ndalama zanu podina nokha pa foni, osadalira chithunzi kapena uthenga womwe watumizidwa kuchokera pa nambala wamba. Tchajibaki pa ndalama zotumizidwa kwa munthu kulibe, monganso ku PayPal kulibe chitetezo mukalipira ngati mukutumizira mnzanu kapena wachibale. Wogulitsa akakhala bizinesi yodziwika, dandaulo lipite ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission. Akakhala munthu yemwe wazimitsa foni, ndi nkhani ya apolisi ndi kampani ya foniyo, ndipo iperekedwe tsiku lomwelo ndalama zisanatapidwe kwa ejenti.

Pa nthawi yodikirayi pamabweranso mafoni a anthu odzitcha a ku banki kapena a ku sitolo, makamaka ngati munadandaula poyera pa tsamba la kampani. Amati ndalama zanu zakakamira ndipo kuti zimasuke muwapatse nambala yachinsinsi yomwe yangolowa m'foni, madijiti atatu a kuseri kwa khadi, kapena mulipire kaye kandalama kochepa. Kulandira ndalama zobwezedwa sikufuna chilichonse mwa zimenezi. Wogulitsa weniweni ali kale ndi zonse zomwe akufuna kuchokera pa kugula kuja, ndipo banki yanu pofufuza imangofuna `ARN`, deti, kuchuluka kwa ndalama m'madola, ndi madijiti anayi omaliza a khadi lomwe munalipirira.